Kwacha Idagwa Tsiku Limodzi, M'mabuku Idagwa Zaka Zitatu

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi imene inkagulidwa pa K1,180 kapena chapomwepo idadzuka m'mawa ili pa K1,700. Wogulitsa mugolosale amaukumbukira mwezi umenewo, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto amaukumbukira, ndipo palibe angatsutse kuti zidachitika mu 2023.

Koma munthu akatsegula mabuku a zachuma nkhani imasintha. M'malipoti a National Bank of Malawi ndi a Standard Bank kugwa kwa kwachako kuli m'chaka cha 2023, monga momwe aliyense angayembekezere. M'malipoti a kampani ya shuga ya Illovo kuli m'chaka cha 2024. M'mabuku a boma kuli m'chaka cholembedwa 2023/24. Palibe amene adalakwitsa kulemba. Chimene chilipo nchakuti aliyense wa atatuwa ali ndi tsiku lake lotsekera mabuku, ndipo nambala ya chaka imene ili pachikuto cha lipoti ndi dzina chabe limene mwini lipotiyo adapatsa miyezi yake.

Chaka cha pakalendala chimadziwika: chimayamba pa 1 Januwale nkutha pa 31 Disembala. Chaka cha zachuma ndi miyezi 12 yotsatizana imene kampani kapena boma lasankha kuti liziwerengera ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo chingayambe mwezi uliwonse. Mabanki a pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange amatseka mabuku pa 31 Disembala, choncho chaka chawo chimagwirizana ndi kalendala ya pakhoma. Illovo imatseka pa 31 Ogasiti, kutanthauza kuti chaka chake cha 2024 chidayamba pa 1 Seputembala 2023, miyezi iwiri kwacha isanagwe. Boma limayamba pa 1 Epulo nkutseka pa 31 Malichi.

Apa mpamene wofufuza amapunthwa. Tiyerekeze wophunzira wa pasukulu ya ukachenjede amene akulemba pepala lofunsa kuti kugwa kwa kwacha kudakhudza bwanji makampani. Akonza tebulo pakompyuta, alemba 2023 pamwamba, kenako atenga phindu la banki la 2023 ndi phindu la Illovo la 2023 nkuwaika mzere umodzi. Manambala onse awiri wawakopera molondola. Komabe la bankilo lili ndi masabata angapo a kwacha yakugwa mkati mwake, pomwe la Illovo lidatsekedwa mu Ogasiti, kwacha isanakhudzidwe. Wophunzirayo akamaliza ndi mawu akuti kampani ya shuga sidamve kanthu, ndiye kuti wayeza nthawi imene chinthucho chidali chisanachitike. Choopsa nchakuti cholakwa chotere sichioneka: tebulo lili bwino, masamu ali bwino, ndipo mphunzitsi amene sanatsegule malipotiwo sangachigwire.

Nanga makampani amasankhiranji masiku osiyana chonchi? Chifukwa chakale kwambiri nchakuti munthu amawerenga katundu wake ntchito ikapepuka. Mlimi sawerenga matumba a chimanga ali mkati mokolola. Amadikira kuti atonole, aike m'matumba, ndiye nkuona zimene wapeza. Masitolo akuluakulu a ku America amatseka mabuku kumapeto kwa Januwale chifukwa malonda awo aakulu ndi a Khirisimasi, ndipo pofika Januwale katundu wotsala wachepa, amene ankabweza zinthu abweza kale. Akadati azitseka pa 31 Disembala, ogwira ntchito akadamawerenga katundu masitolo adakali odzaza ndi ogula.

Nkhani ya Illovo ikuonetsa chifukwa china. Kale kampaniyi inkatseka mabuku pa 31 Malichi, ndipo tsikulo linkayenda bwino ndi ntchito ya nzimbe. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa makina amayamba kugaya nzimbe cha mu Epulo mvula ikasiya, nkugaya mpaka kumapeto kwa chaka mvula ina ikamayamba. Chaka chotha mu Malichi chinkanyamula nyengo imodzi yathunthu yogaya. Koma mu 2016 kampani ya ku Britain ya Associated British Foods idagula masheya onse otsala a kampani yaikulu ya Illovo ya ku South Africa, ndipo iyo imatseka mabuku ake pakati pa Seputembala. Malamulo a kalembedwe ka mabuku a zachuma salola kuti kampani yaikulu iphatikize manambala a kampani yake yaing'ono ngati masiku awo otsekera atalikirana kuposa miyezi itatu. Choncho makampani a Illovo, kuphatikizapo ya kuno ndi Zambia Sugar ya ku Mazabuka, adasunthira tsiku lawo ku 31 Ogasiti.

Zotsatira zake ziwiri nzofunika kwa aliyense wowerenga malipoti a shuga. Choyamba, chaka cha Illovo tsopano chimadula nyengo yogaya pakati: chimanyamula kumapeto kwa nyengo imodzi, kuyambira Seputembala, ndi kumayambiriro kwa nyengo yotsatira, mpaka Ogasiti. Matani a shuga a m'chaka cha zachuma sangafanane ndi matani a nyengo imodzi ya kumunda, ndipo munthu wofananitsa ziwirizi adzaona ngati wina akubisa kanthu pomwe palibe chobisika. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, adagwera m'chaka cha 2023 cha kampaniyi, koma nzimbe za nyengo imeneyo zidapitirira kugayidwa mpaka m'chaka chake cha 2024. Chachiwiri, pamene ankasintha tsikulo padatsala miyezi isanu, Epulo mpaka Ogasiti 2017, imene idatuluka ndi lipoti lakelake. Ndiye kuti mu 2017 mudatsekedwa mabuku kawiri, mu Malichi ndi mu Ogasiti. Wofufuza amene akusonkhanitsa manambala a zaka khumi, mzere umodzi chaka chimodzi, ayenera kusankha chochita ndi miyezi isanuyo, ndipo akangoiika ngati chaka chathunthu adzajambula kugwa kwa malonda kumene sikudachitike.

Boma la Malawi nalo lili ndi chaka chake chachifupi, ndipo manambala ake akuonetsa bwino kukula kwa vutoli. Kwa zaka zambiri chaka cha boma chinkayamba pa 1 Julayi nkutha pa 30 Juni. Boma litaganiza zoti chiziyamba mu Epulo, padafunika chaka cholumikizira, ndipo cha 2021/22 chidakhala cha miyezi 9 yokha, kuyambira 1 Julayi 2021 mpaka 31 Malichi 2022. Bajeti imene nduna ya zachuma idapereka ku Nyumba ya Malamulo ya miyezi 9 imeneyo idali pafupifupi K1.99 thililiyoni. Ya chaka chotsatira, 2022/23, idali pafupifupi K2.84 thililiyoni.

Munthu wongoyang'ana manambala awiriwo anganene kuti bajeti idakwera ndi 43 peresenti, ndipo mutu wa nkhani wotero umakoma kuwerenga. Koma K1.99 thililiyoni akaigawa pa miyezi 9, mwezi uliwonse umapeza pafupifupi K221 biliyoni. K2.84 thililiyoni akaigawa pa miyezi 12, mwezi umapeza pafupifupi K237 biliyoni. Kukwera kwake ndi 7 peresenti yokha, m'chaka chimene kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndipo mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 20 peresenti. Bajeti imene inkaoneka yonenepa, ikayezedwa ndi zimene ndalamayo ingagule pamwezi, idali yowonda kuposa ya m'mbuyo mwake.

Ngakhale kugawa ndi miyeziku kuli ndi malire ake. Ndalama za boma sizituluka mofanana mwezi ndi mwezi. Malipiro a aphunzitsi ndi anamwino amatuluka mwezi uliwonse, ndiye kuwagawa nkoyenera. Koma feteleza wotsika mtengo amagulidwa kamodzi pachaka, mvula isanagwe, ndipo nyengo yonseyo idalowa m'miyezi 9 ija. Amene angatenge ndalama ya feteleza ya 2021/22 nkuikuza kuti ikwane miyezi 12 adzawonjezera matumba amene sadagulidwe. Wofufuza wosamala amapatula zinthu za mwezi ndi mwezi ndi zinthu za kamodzi pachaka asanayambe kugawa.

Kunja kwa dziko lino vutoli limakula chifukwa ngakhale kapatsidwe ka dzina sikagwirizana. M'malipoti achingerezi chaka cha zachuma chimalembedwa mwachidule ngati FY2024 kapena FY24, ndipo zilembozo sizinena ngati 2024 ndi chaka chimene mabuku adatsegulidwa kapena chimene adatsekedwa. Boma la America limatchula chaka ndi mathero ake: FY2024 idayamba pa 1 Okutobala 2023 nkutha pa 30 Seputembala 2024. Boma la Japan limatchula ndi chiyambi: chaka chake cha 2024 chidayamba pa 1 Epulo 2024 nkutha pa 31 Malichi 2025. Ku India miyezi ndi yomweyo ya ku Japan, Epulo mpaka Malichi, koma FY24 kumeneko ndi chaka chimene chidatha mu Malichi 2024. Ndiye kuti pa tsiku limene chaka cha 2024 cha ku Japan chinkayamba, cha ku India chidali chitatha dzulo lake.

Chitsanzo chodabwitsa kwambiri chili m'dziko limodzi lomwelo la America. Kampani ya Nvidia, yopanga tizipangizo ta m'makompyuta, idatseka mabuku pa 28 Januwale 2024 nkutcha chakacho 2024. Kampani ya Home Depot, yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, idatsekanso pa 28 Januwale 2024 pomwepo, koma iyo idachitcha 2023. Miyezi yake ndi imodzimodzi, tsiku lomaliza ndi limodzi, maina ndi awiri. Walmart ndi Target, masitolo opikisana pamsika umodzi, nawonso amachita zomwezo: miyezi imene Walmart imaitcha 2024, Target imaitcha 2023. Amene angaike 2024 ya uyu pambali pa 2024 ya uyo akufananitsa zaka ziwiri zosiyana kotheratu.

Izi si za kutali kokha. Airtel Malawi imatseka mabuku pa 31 Disembala, pomwe kampani imene ili pamwamba pake, Airtel Africa, imatseka pa 31 Malichi. Mtolankhani amene wawerenga za malonda a kuchigawo chino m'lipoti la Airtel Africa, kenako nkuwerenga lipoti la Airtel Malawi, akuwerenga nthawi ziwiri zosiyana ndi miyezi itatu, ndipo ina ili m'madola pomwe ina ili m'makwacha. Chimodzimodzi ndi thandizo lochokera kunja: ndalama yolembedwa m'chaka cha boma la America, chotha mu Seputembala, kapena m'chaka cha World Bank, chotha mu Juni, ikafika m'mabuku a ku Capital Hill imagwera m'zaka ziwiri za boma la Malawi. Oyandikana nawo a ku Zambia bajeti yawo imayenda kuyambira Januwale mpaka Disembala, kotero ngakhale kufananitsa bajeti za maiko awiri ogawana malirewa kumafuna kusamala.

Mabungwe amene amasonkhanitsa manambala a makampani ndi a maiko ambiri amadziwa za chisokonezochi, ndipo adaika malamulo awoawo. Nkhokwe ya manambala ya Compustat, imene ofufuza za makampani amaigwiritsa ntchito kwambiri, imati chaka chotha pakati pa Januwale ndi Meyi chilembedwe pa chaka cha m'mbuyo, popeza miyezi yake yambiri ili komweko, ndipo chotha pakati pa Juni ndi Disembala chilembedwe pa chaka chimene chatheramo. Mwa lamulo limeneli, chaka chimene Nvidia imachitcha 2024 chimapezeka pa mzere wa 2023. Lamuloli nlabwino, koma limabala vuto lake: wofufuza amene watenga manambala ena m'nkhokwe ndi ena m'lipoti la kampani angathe kulemba chaka chimodzi kawiri, kapena kudumpha china, osadziwa. Chizindikiro chake chimakhala zaka ziwiri zotsatizana zokhala ndi nambala yofanana ndendende.

Nanga wophunzira uja angakonze bwanji tebulo lake? Njira imene akatswiri ounika makampani amagwiritsa ntchito ndi kudula zaka ziwiri za kampani nkuzilumikiza kuti zipange chaka cha pakalendala. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si a kampani iliyonse. Kampani yotseka pa 31 Ogasiti yagulitsa katundu wa K240 biliyoni m'chaka chake cha 2023, ndi wa K360 biliyoni m'chaka chake cha 2024. Chaka cha pakalendala cha 2023 chili ndi miyezi 8, Januwale mpaka Ogasiti, yochokera m'chaka choyambacho, ndi miyezi 4, Seputembala mpaka Disembala, yochokera m'chachiwiricho. K240 biliyoni pa miyezi 12 ndi K20 biliyoni pamwezi, ndipo miyezi 8 ikupereka K160 biliyoni. K360 biliyoni pa miyezi 12 ndi K30 biliyoni pamwezi, ndipo miyezi 4 ikupereka K120 biliyoni. Zonse pamodzi ndi K280 biliyoni, ndipo nambala imeneyi ndiyo ingaikidwe pambali pa ya banki.

Njirayi ndi yabwino kuposa kungokopera nambala ya pachikuto, koma imatsamira pa ganizo lakuti miyezi yonse ndi yofanana, ndipo m'chaka chonga 2023 ganizo limenelo nlofooka. Ngati mitengo idakwera kwacha itagwa mu Novembala, ndiye kuti gawo lalikulu la K360 biliyoni lija lidabwera m'miyezi ya 2024. Seputembala ndi Okutobala wa 2023 adagulitsa pamitengo yakale, ndipo kuwapatsa K30 biliyoni uliwonse nkuwanenepetsa. Kumene makampani amatulutsa malipoti miyezi itatu iliyonse, monga ku America, wofufuza amangophatikiza zigawo zinayi zoyandikira Januwale mpaka Disembala. Kuno makampani a pamsika wa masheya amatulutsa malipoti a theka la chaka ndi a chaka chathunthu, ndipo theka la kampani yotseka mu Ogasiti limatha mu Febuluwale, mwezi umene sugwirizananso ndi Disembala. Choyenera nchakuti wofufuza alembe poyera pansi pa tebulo kuti nambalayo adaiwerengera yekha, ndi njira iti, kuti wowerenga adziwe kuti si yochokera kwa akauntanti a kampaniyo.

Kudulaku kumagwira pa zinthu zoyenda ndi nthawi zokha, monga malonda, phindu ndi malipiro. Ngongole, katundu wa m'nkhokwe ndi ndalama za kubanki zimalembedwa monga zidalili pa tsiku limodzi lokha, lotsekera mabukulo. Ngongole ya madola yolembedwa m'makwacha pa 31 Ogasiti 2023 idawerengedwa pamtengo wakale wa dola, pomwe ngongole yofanana nayo yolembedwa pa 31 Disembala 2023 idawerengedwa pamtengo watsopano. Makampani awiri okhala ndi ngongole imodzimodzi ya madola angaoneke ngati wina ali m'madzi kwambiri kuposa mnzake, chifukwa cha miyezi inayi ya pakati pa masiku awo otsekera basi.

Pali masiku enanso m'lipoti amene amasokeretsa. Kupatula tsiku lotsekera mabuku, pali tsiku limene akuluakulu a kampani ndi ounika mabuku adasaina, tsiku limene lipoti lidasindikizidwa m'nyuzipepala, ndi tsiku la msonkhano waukulu wa eni masheya. Lipoti la banki la 2023 limatuluka cha mu Malichi kapena Epulo 2024, ndipo wapampando akamalemba uthenga wake amakhala ali kale mu 2024. Akati "chaka chino" angatanthauze chaka cha lipotilo kapena chimene akulembamo. Zinthu zikuluzikulu zochitika mabuku atatsekedwa koma asanasainidwe zimafotokozedwa m'ndime yakeyake chakumapeto kwa lipoti, koma kawirikawiri sizisintha manambala ngati zidayamba chaka chitatha kale. Motero munthu angathe kupeza nkhani ya mwezi wina m'lipoti limene manambala ake sakuukhudza mweziwo.

Ndipo si zaka zonse zimene zili ndi masiku 365. Makampani ena amawerenga masabata, kuti chaka chawo chizitha tsiku limodzimodzi la sabata. Apple imatseka Loweruka lomaliza la Seputembala. Masabata 52 ndi masiku 364, choncho tsiku limodzi limatsalira chaka ndi chaka, awiri m'chaka chimene Febuluwale ali ndi masiku 29, ndipo pakapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi otsalawo amakwana sabata. Chaka cha 2023 cha Apple chidali ndi masabata 53 ndipo chidatha pa 30 Seputembala 2023. Sabata imodzi pa masabata 52 ndi pafupifupi 2 peresenti, ndipo kwa kampani imene malonda ake akungosintha pang'ono, 2 peresenti ingathe kusandutsa kutsika kukhala kukwera. Gawo loyamba la chaka cha 2024 la kampani yomweyi lidali Okutobala mpaka Disembala 2023, nthawi ya malonda a Khirisimasi, osati Januwale mpaka Malichi monga wowerenga wachilendo angaganizire.

Mankhwala a zonsezi ali pamwamba pa tsamba la manambala, osati pachikuto. Pansi pa mutu wa tebulo lililonse la m'lipoti pamalembedwa tsiku lenileni limene nthawiyo idatha, ndipo malamulo a kalembedwe ka mabuku amakakamiza kampani kunena poyera ngati nthawiyo ndi yaifupi kapena yaitali kuposa chaka, kupereka chifukwa chake, ndi kuchenjeza kuti manambalawo safanana kwenikweni ndi a m'mbuyo. Chenjezoli limakhalapo ndithu, kungoti limalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono m'masamba amene anthu ambiri safikako.

Wophunzira uja akabwerera patebulo lake, pamalo pa mzere umodzi wa "chaka" ayenera kukhala ndi itatu: tsiku loyambira, tsiku lotsekera ndi chiwerengero cha miyezi. Akatero adzaona yekha kuti lipoti la Illovo loti aliwerenge pa nkhani ya kugwa kwa kwacha ndi lotha pa 31 Ogasiti 2024, mmene muli pafupifupi miyezi khumi ya dola yokwera mtengo, ndi kuti pa mbali ya mabanki ayenera kutsegula malipoti awiri: la 2023 lokhala ndi masabata oyamba aja, ndi la 2024 lokhala ndi miyezi yotsatira.